Masamba atatu a pulakitiko pa kakhadi kamodzi

Mwana wa Fomu 4 akamayandikira mayeso a MSCE, chimamudetsa nkhawa kwambiri si kope la manotsi ayi, koma buku la mapulakitiko. Manotsi munthu amatha kuwawerenga atagona pamphasa. Pulakitiko imafuna manja, maso ndi nthawi, ndipo tsiku la mayeso bukulo limatsala kunja kwa labu. Wophunzira amalowa ndi cholembera, rula ndi zimene zili m'mutu mwake basi. Choncho ambiri amayesa kufupikitsa pulakitiko iliyonse kuti ikwane pa kapepala kamodzi, m'zigawo zinayi zimene aphunzitsi a sayansi amazitchula kawirikawiri: cholinga, zipangizo, ndondomeko ndi zotsatira zoyembekezereka.

Ndaona makhadi otere ambiri, ndipo ochuluka amalakwika mofanana. Wophunzira amakopera bukulo mzere ndi mzere, n'kumangodula mawu kuti ziganizo zikhale zazifupi. Chimatsala ndi pulakitiko yooneka yaudongo koma yopanda mnofu, chifukwa timawu timene wadula tija nthawi zambiri ndi timene timasunga yankho lolondola. Kufupikitsa kwabwino kumayendera funso limodzi lomwe muyenera kufunsa pa chiganizo chilichonse cha m'bukumo: ndikachisiya ichi, kodi nambala kapena mtundu umene ndipeze pomaliza usintha? Chikakhala choti chisintha zotsatira, chikhale pakhadi ngakhale chioneke chaching'ono. Chikakhala choti sichisintha kanthu, chitsale m'buku.

Kuti zimveke bwino, titenge pulakitiko imodzi ya Kemisitiri imene pafupifupi aliyense wodutsa ku sekondale anaimvapo, ya taitireshoni. Kwa amene anachoka pasukulu kalekale, nkhani yake ndi iyi. Muli ndi botolo la madzi osungunuliramo alikali wotchedwa sodiyamu haidirokisaidi, NaOH, koma simukudziwa kuti asungunulamo wochuluka bwanji. Mulinso ndi botolo la asidi wa haidirokuloriki, HCl, amene mphamvu yake ikudziwika. Asidi ndi alikali zikakumana zimathetsana mphamvu, n'kutsala mchere ndi madzi. Ndiye mukayeza alikali wodziwika kuchuluka kwake, n'kumathiramo asidi pang'onopang'ono mpaka alikali yenseyo atatheratu, kuchuluka kwa asidi amene walowa kumakuuzani mphamvu ya alikali uja. Zili ngati mayi amene akudziwa kuti phala lachuluka poona masipuni a shuga amene lafuna kuti litsekemere. Chokuuzani kuti alikali watha ndi timadontho ta mankhwala osintha mtundu otchedwa indiketa.

M'buku, pulakitiko imeneyi imatha kudzaza masamba atatu: ndime yofotokoza za asidi ndi alikali, chithunzi, machenjezo, masitepe khumi ndi angapo, tebulo ndi mafunso.

Cholinga ndicho chigawo chachifupi kwambiri, ndipo ndicho ambiri amachilemba mosaganiza. Amalemba kuti cholinga ndi "kuchita taitireshoni". Imeneyo ndi njira chabe, si cholinga. Cholinga chabwino chimatchula chimene chikufunidwa ndi chimene chikudziwika kale, motere: kupeza mphamvu ya NaOH pogwiritsa ntchito HCl wa 0.1 M. Chiganizo chimodzi chimenechi chakuuzani kale kuti yankho lomaliza lidzakhala mphamvu ya alikali, m'mamolo pa lita imodzi, osati kuchuluka kwa asidi amene mwawerenga pa chipangizo. Ophunzira ena amagwira ntchito yonse ya manja bwinobwino, n'kuima pa nambala ya asidi, poganiza kuti afika. Khadi lawo silinawauze kumene akupita.

Pa zipangizo palibe zambiri zoti n'kuchedwa nazo, kupatula chinthu chimodzi. Dzina la chipangizo palokha silikwanira. Lembani ndi kukula kwake komanso chimene chidzalowemo. Byureti ya 50 cm³, ya asidi. Pipeti ya 25 cm³, ya alikali. Fulasiki yosongoka kukamwa, yosakaniziramo. Kenako fanelo, choimikira byureti, kampira kokokera mankhwala mu pipeti, thailosi yoyera kapena pepala loyera loika pansi pa fulasiki, madzi otcheza aja amati disitilidi, ndi indiketa ya fenofutalini. Magalasi oteteza maso akhalepo, chifukwa NaOH akagwera m'diso amawononga kwambiri, ndipo kampira kaja kalipo kuti munthu asakoke alikali ndi pakamwa. Mukalemba kuti "byureti, ya asidi" ndiye kuti mwalemba kale theka la ndondomeko, ndipo tsiku la mayeso simudzaima n'kumayang'ana mabotolo awiri osadziwa kuti liti lithiridwe kuti.

Ntchito yeniyeni ili pa ndondomeko, ndipo apa ndi pamene funso lathu lija limagwira ntchito kwambiri.

Tiyambe ndi kutsukuluza. Buku limanena za kutsuka zipangizo m'malo atatu osiyana, ndipo wofupikitsa mofulumira amaziphatikiza zonse n'kulemba kuti "tsukani zipangizo". Apa wataya mfundo zitatu nthawi imodzi, chifukwa chipangizo chilichonse chili ndi chotsukuluzira chakechake. Byureti, ikatsukidwa ndi madzi, imatsukuluzidwanso ndi asidi yemweyo amene alowemo. Mukapanda kutero, timadontho ta madzi totsalira m'kati timasungunula asidi uja, amachepa mphamvu, ndipo pamafunika wochuluka kuti athetse alikali. Nambala imakwera, inu n'kuganiza kuti alikali wanu ndi wamphamvu kuposa mmene alili. Pipeti imatsukuluzidwa ndi alikali. Ikatsala ndi madzi, alikali amene mwayeza amakhala wosungunuka, ndipo nambala imatsika. Koma fulasiki imatsukidwa ndi madzi otcheza okha. Mukaitsukuluza ndi alikali poganiza kuti lamulo ndi limodzi, mwawonjezeramo alikali amene simunamuyeze. Madzi otsalira mu fulasiki alibe vuto, chifukwa sachotsa kapena kuwonjezera alikali amene pipeti yathiramo. Zonsezi pakhadi zimakwana pa mzere umodzi: byureti ndi asidi, pipeti ndi alikali, fulasiki ndi madzi okha. Mzere umenewu ndi waufupi ngati "tsukani zipangizo" uja, koma wasunga zonse.

Chimodzimodzi podzaza byureti. Buku limati mukathira asidi, tsegulani kampopi kuti kunsonga kudzaze, kenako chotsani fanelo musanawerenge. Timawu timeneti timaoneka ngati ta ukhondo chabe, ndipo ndi timene timayamba kudulidwa. Koma kathovu ka mpweya kakatsala kunsonga, kadzatuluka pakati pa ntchito, ndipo malo ake adzawerengedwa ngati asidi amene walowa mu fulasiki pomwe sanalowe. Fanelo ikatsala pamwamba, timadontho take timagwera mu byureti mutawerenga kale poyambira, ndipo nambala yanu imatsika. Powerenga, diso likhale molingana ndi pamwamba pa asidiyo, ndipo muwerenge pansi pa kupindika kwake, chifukwa madzi mu chubu chopyapyala sakhala lathyathyathya, amakwera pang'ono m'mbali. Byureti imawerengedwa kuchokera pamwamba kutsika, 0 ali kumwamba, 50 ali kumunsi. Wophunzira amene anazolowera silinda yoyezera, imene manambala ake amakwera kuchokera pansi, amatha kuwerenga 20.4 ngati 21.6. Ngati munalakwitsapo chotere, kachidziwitso kameneka kakhale pakhadi lanu, ngakhale mnzanu sakufunikira kukalemba.

Pali kadontho kamodzi kamene kamatsala kunsonga kwa pipeti alikali akatsika. Manja amafuna kukapemerera kuti katuluke, chifukwa tinaleredwa kuti chinthu chisatayike. Musakapemerere. Pipeti anaipanga poganizira kale kuti kadonthoko kadzatsala; chofunika ndi kungogunditsa nsonga yake m'mbali mwa fulasiki. Pakhadi ndi mawu awiri okha: osapemerera pipeti.

Nanga zodula ndi ziti? Ndime yonse yofotokoza mbiri ya asidi ndi alikali itsale m'buku, chifukwa ndi ya pepala lina. Ziganizo zonga "tengani fulasiki muiike patebulo" kapena "mangani byureti pa choimikira" zichoke, popeza manja adzachita okha mukaona zipangizozo. Masitepe obwereza aphatikizidwe. Zikatero, masitepe khumi ndi angapo aja amatsala asanu ndi anayi, lililonse loyamba ndi mneni ndiponso lokhala ndi nambala yake ngati ilipo: tsukuluzani, dzazani byureti, chotsani mpweya ndi fanelo, lembani poyambira, yezani 25 cm³ ya alikali mu fulasiki, donthezani madontho awiri kapena atatu a indiketa, thirani asidi mukuzunguza fulasiki mpaka mtundu usinthe, lembani pothera, bwerezani mpaka manambala awiri agwirizane. Poti mayeso amalembedwa m'Chingerezi, khadilo lilembeni m'Chingerezi chomwecho, ndi aneni amene mudzawagwiritse ntchito papepala. Koma zifukwa zake, monga chifukwa chochotsera fanelo, dzifotokozereni m'Chichewa mokweza mawu. Mukakanika kuchifotokoza m'chinenero chanu ndiye kuti mwangochiloweza.

Manambala a m'masitepewa asadulidwe. "Thirani indiketa" ndi "donthezani madontho awiri kapena atatu" si chinthu chimodzi. Indiketa nayonso ndi kaasidi kofooka, ndipo ikachuluka imasokoneza poyenera kuima.

Liwu lakuti "bwerezani" nalonso lili ndi zambiri mkati mwake. Ulendo woyamba ndi wongofufuza njira: mumathira asidi mofulumirirapo kuti mudziwe chapamene mtundu umasinthira. Ulendo wachiwiri mumathira mwachangu mpaka patatsala 1 kapena 2 cm³ kufika pa nambala ija, kenako dontho limodzilimodzi. Dontho limodzi la byureti ndi pafupifupi 0.05 cm³, ndipo pafupi ndi mapeto dontho limodzi lokha limatha kusintha mtundu wa fulasiki yonse. Chizindikiro choti mwayandikira ndi chakuti pamalo pamene asidi akugwera, mtundu wa pinki umazimiririka n'kumachedwa kubwerera mukazunguza.

Chigawo chachinayi ndi chimene chimandikhudza kwambiri, chifukwa ndi pamene ana akhama amadzipweteka okha. Akamva kuti "zotsatira zoyembekezereka", amalemba nambala imene anapeza m'kalasi, tinene 20.0 cm³, n'kuiloweza. Tsiku lina ndinaona mtsikana wina poyeserera mayeso, mtundu utasintha pa 17.3, iye n'kupitiriza kuthira asidi mpaka pa 20, kenako n'kulemba 20.0. Nditamufunsa, anati, "Aphunzitsi, ndimaona ngati ndalakwitsa, paja m'kope mwanga muli 20." Sanali waulesi. Khadi lake ndi limene linamunamiza. Mankhwala a tsiku limenelo anali osungunulidwa mosiyana ndi a m'kalasi, ndipo 17.3 ndiye inali nambala yoona. Zimakhalanso choncho pa mayeso enieni: mphamvu ya mankhwala amene ali patebulo panu simungaidziwiretu, ndipo ndi chifukwa chake mwapatsidwa byureti.

Zoyenera kulemba m'chigawo chimenechi ndi zinthu zitatu zimene sizisintha ngakhale mankhwala asinthe mphamvu. Choyamba ndi mtundu, ndipo ulembedwe mbali zonse ziwiri, wochokera ndi wofikira. Fenofutalini ndi wa pinki mu alikali ndipo alibe mtundu mu asidi, choncho alikali akakhala mu fulasiki, kusintha kwake ndi kuchoka ku pinki kufika popanda mtundu. Samalani ndi mawu apa. M'Chichewa timatha kunena kuti madzi "ayera", ndipo wophunzira akatembenuza liwu limeneli m'mutu mwake amalemba liwu la Chingerezi lotanthauza mtundu wa ufa woyera kapena la madzi osadetsedwa. Onsewa si olondola. Chofunika ndi liwu lotanthauza kupanda mtundu, ndipo liwulo lilembedwe pakhadi monga mmene lidzalembedwere pa mayeso. Lembaninso kuti asidi akakhala mu fulasiki, alikali mu byureti, zimatembenuka: mumayamba popanda mtundu n'kuima pamene kapinki kochepa kakhazikika osazimiririka mukazunguza. Akakupatsani indiketa ya methilo orenji, imakhala yachikasu mu alikali, yofiira mu asidi, ndipo poima ndi pa mtundu wa lalanje, pakati pa iwiriyo.

Chachiwiri ndi tebulo lopanda manambala: mizere itatu, ya pothera, ya poyambira ndi ya asidi amene wagwiritsidwa ntchito, ndipo cm³ ilembedwe pamutu. Chachitatu ndi ikwezhoni ndi njira yowerengera.

Tiyeni tiyende nayo mpaka kumapeto ndi manambala ongoyerekezera. Mwayeza 25.0 cm³ ya NaOH, asidi wanu ndi wa 0.1 M, ndipo maulendo anayi akupatsani 20.8, 20.0, 20.5 ndi 20.0 cm³. Yoyamba ija ndi yofufuzira njira, siwerengedwa. Ya 20.5 ikuonetsa kuti dzanja linachedwa kutseka kampopi, nayonso ichoke. Zogwirizana ndi ziwiri za 20.0, ndipo avereji yake ndi 20.0. Mabuku ambiri amati manambala ogwirizana asasiyane kuposa 0.1 cm³, ena amalola 0.2, lembani malire amene buku lanu ndi aphunzitsi anu akutsata. Kenako:

```
HCl + NaOH → NaCl + H2O        (1 : 1)
n(HCl)  = 0.1 × 20.0/1000 = 0.002 mol
n(NaOH) = 0.002 mol
c(NaOH) = 0.002 ÷ (25.0/1000) = 0.08 M
```

Ngati funso lafuna magalamu pa lita, chulukitsani ndi 40, kulemera kwa molo imodzi ya NaOH, mupeza magalamu 3.2 pa lita imodzi. Amene waphatikiza manambala onse anayi amapeza avereji ya pafupifupi 20.3 ndi yankho la 0.081 M. Kusiyanako kukuoneka kochepa, koma wochonga amaona msanga kuti nambala yofufuzira njira yalowa m'gulu.

Nambala yokhayo imene mungaiyembekezere ndi yongokuthandizani kuona ngati yankho lili ndi nzeru. Asidi amene walowa ndi wochepa kuposa alikali, 20 pa 25, ndipo akuthetsana mmodzi kwa mmodzi, ndiye alikali ayenera kukhala wofookerapo kuposa asidi. Yankho la 0.08 likugwirizana ndi zimenezi. Mukapeza 0.125 ndiye kuti mwatembenuza manambala pogawa; mukapeza 80 ndiye kuti mwaiwala kusintha cm³ kukhala malita penapake.

Ambiri amadula ikwezhoni pakhadi n'kusiya kachidule kakuti C1V1 = C2V2, chifukwa ndi kosavuta kuloweza. Kachidule kameneka kamagwira pokhapokha asidi ndi alikali zikuthetsana mmodzi kwa mmodzi. Tsiku limene pa botolo padzalembedwa H2SO4, asidi wa salifyuriki, zinthu zimasintha:

```
H2SO4 + 2NaOH → Na2SO4 + 2H2O   (1 : 2)
```

Molo imodzi ya asidi ameneyu imathetsa mamolo awiri a alikali. Ndi alikali wathu yemwe uja wa 0.08 M ndi asidi wa 0.1 M, mtundu udzasintha pa 10.0 cm³, osati pa 20.0. Wodalira kachidule kaja adzapeza 0.04 M, theka la yankho loona, ngakhale manja ake agwira ntchito mosalakwitsa. Choncho pakhadi pakhale ikwezhoni, ndipo pambali pake palembedwe kuti muyambe mwaona dzina la asidi pa botolo ndi papepala la mafunso. Khadi ndi lokonzekerera, koma m'chipinda cha mayeso mawu omaliza ndi a pepala la MANEB. Likati 20 cm³ kapena 10 cm³ ya alikali, kapena likati muyeze ndi silinda, tsatani zomwezo, osati 25 wa m'mutu mwanu.

Pali malire amene ndiyenera kuwanena poyera. Khadi silingaphunzitse dzanja kutsegula kampopi kuti kadontheze dontho limodzi, dzanja lina likuzunguza fulasiki. M'sukulu zambiri za sekondale zoyendera, makamaka zakumidzi, zipangizo ndi zochepa, ndipo mwana amatha kufika Fomu 4 atangoonerera aphunzitsi akuchita kutsogolo. Kwa wotere ndinganene kuti mpata ukapezeka wogwira byureti, ngakhale muli madzi okhaokha, augwiritse ntchito pa zinthu ziwiri zimene pepala silingamupatse: kudontheza ndi kuwerenga manambala. Ndipo khadi alilembe atagwirako kale zipangizo kapena ataonerera mwatcheru, chifukwa pamenepo ndi pamene amadziwa sitepe imene iyeyo amapunthwapo. N'chifukwa chake kukopera khadi la mnzako, ngakhale akhale wanzeru chotani, kumathandiza pang'ono: iye anadula zimene manja ake akuzidziwa kale, zomwe mwina anu sakuzidziwa.

Khadi likatha, liyeseni musanalikhulupirire. Ikani patebulo botolo la madzi m'malo mwa byureti, kapu m'malo mwa fulasiki, cholembera m'malo mwa pipeti, ndipo mupatse mnzanu khadilo kuti achite zokhazo zimene zalembedwa, osawonjezera za m'mutu mwake, inu mutatsegula buku n'kumamutsatira. Akaima n'kufunsa kuti, "Ndiye indiketayi ndithire mu chiyani, aise?" kapena akawerenga poyambira fanelo ikadali pamwamba, mwapeza mzere umene munadula molakwika. Ubwezereni, mutseke buku, mutembenuze khadi, ndipo tsopano mulembe zigawo zinayizo papepala lina kuchokera m'mutu, pamodzi ndi tebulo ndi ikwezhoni. Zimene zasowa pa pepala lachiwirili muzidule mzere kunsi pakhadi, ndipo mawa lake muyambire pomwepo.